Kaundula wa ziopsezo pa ntchito yomanga zipinda ziwiri zophunziriramo

Pepala la wophunzira wina limene ndinawerenga linayamba ndi mzere wotere: chiopsezo, "mvula", mpata woti chichitike, 5, kukula kwa vuto, 5, zonse pamodzi, 25. Pansi pake panali "kuba", "ngozi" ndi "kudula kwa zinthu", ndipo pafupifupi mzere uliwonse anaupaka zofiira. Nditamufunsa kumene anamutenga 5 wa mvulayo, anandiyankha kuti mvula imagwa chaka chilichonse. Sananame. Koma folomani atapatsidwa pepala limenelo Lolemba m'mawa sangadziwe choti ayambe nacho, popeza silikumuuza kuti mvulayo iwononga chiyani, liti, ndiponso kuti ndani ayenera kuchitapo kanthu isanagwe. Chimandipweteka n'chakuti wophunzirayo anali atagwira ntchito usiku wonse, koma manambala ake analibe poimira.

Kaundula wa ziopsezo ndi tebulo lolembamo zinthu zimene zingathe kusokoneza ntchito, koma sizinachitike. Chilichonse timachipatsa manambala awiri. Yoyamba imanena kuti mpata woti chichitike ndi waukulu bwanji, yachiwiri imanena kuti chikachitika chiwononga zochuluka bwanji. Tikachulukitsa manambala awiriwo timapeza mulingo umene umatithandiza kuona choyamba kuthamangira. Masamu ake mwana wa sitandade 4 akhoza kuwachita. Ntchito yeniyeni ili pa kudziwa chimene 3 kapena 4 akutanthauza pa nyumba imene mukumangayo.

Tiyerekeze kuti asayimenti yanu ndi iyi. Pasukulu ina ya pulayimale kumudzi akufuna kumanga buloko ya zipinda ziwiri zophunziriramo. Ndalama zonse ndi K60,000,000, nthawi ndi masabata 16, ndipo ntchito iyamba pa 1 Seputembala kuti ithe Khirisimasi isanafike. Makoma ndi a mabuloko a simenti, denga ndi la malata. Mchenga ndi miyala asonkha ndi makolo kudzera mu komiti ya sukulu. Madzi ndi a pamjigo wa pasukulu pomwepo. Msewu wochokera kutauni ndi wafumbi ndipo umadutsa padambo. Ana akhala akuphunzira m'zipinda zakale nthawi yonse yomangayo. Ndalama ndi masiku amenewa ndi ongoyerekezera, inu mudzaika a mu asayimenti yanu, koma onani kuti ndime imeneyi yokha yatipatsa kale pafupifupi ziopsezo zonse zimene tizilembe. Msewu, mjigo, makolo, ana, simenti ndi kalendala, chilichonse chili ndi chake. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti muwerenge kawiri zimene aphunzitsi alemba zokhudza malowo musanatsegule kompyuta, m'malo mokopera mndandanda wa ziopsezo wa ntchito ina imene inamangidwa kwina.

Mukatero, musanalembe chiopsezo ngakhale chimodzi, konzani miyeso. Apa ndi pamene ambiri amalumpha.

Muyeso wa mpata ndi wosavuta. Tinene kuti 1 ndi chinthu chimene mpata wake suposa 10 peresenti, 2 ndi kuyambira 10 mpaka 30, 3 ndi 30 mpaka 50, 4 ndi 50 mpaka 70, ndipo 5 ndi choposa 70 peresenti. Ngati maperesenti akukuzunguzani, ganizani chonchi: mutamanga mabuloko khumi ofanana ndi iyi, m'miyezi yomweyi, pamalo onga awa, vutoli lingachitike pa angati? Likachitika pa asanu ndi imodzi, ndiye kuti ndi 4. Likachitika pa awiri, ndi 2. Funso limeneli mmisiri amene wamanga zaka makumi awiri amaliyankha mosavutika, ngakhale sanaphunzire za maperesenti, chifukwa amangokumbukira nyumba zimene wagwirapo.

Muyeso wa kukula kwa vuto ndiwo umafuna kudekha, chifukwa vuto limaluma m'njira zingapo. Likhoza kudya ndalama, likhoza kudya masiku, likhozanso kuvulaza munthu. Pa ndalama, gwiritsani ntchito gawo la bajeti ya ntchito yomweyi. Pa K60,000,000 yathu, 1 akhale chowononga ndalama zosafika 1 peresenti, ndiye kuti zosafika K600,000. Nambala 2 ifike K1,800,000, nambala 3 ifike K3,000,000, nambala 4 ifike K6,000,000, ndipo 5 akhale chilichonse choposa pamenepo, kutanthauza choposa 10 peresenti ya bajeti. Pa masiku, 1 ndi kuchedwa kosafika masiku atatu, 2 ndi mpaka sabata imodzi, 3 ndi mpaka masabata awiri, 4 ndi mpaka masabata anayi, 5 ndi kuposa mwezi. Pa thupi la munthu, 1 ndi kachilonda komangira pamalo pomwepo, 3 ndi kuvulala kofunika kuchipatala, 5 ndi imfa kapena kulumala kwa moyo wonse. Chiopsezo chikakhudza mbali ziwiri kapena zitatu, tengani nambala yaikulu mwa zonsezo, osaphatikiza kapena kugawa.

Chifukwa chomangirira miyeso ku bajeti n'chakuti K2,000,000 pa ntchito yathuyi ndi 3, pomwe pa ntchito yomanga msewu wa phula ndalama yomweyo ingakhale 1 chabe. Wophunzira akatenga muyeso wa kampani yaikulu n'kuuika pa zipinda ziwiri, zonse zimaoneka zazing'ono. Akapanda kukhala ndi muyeso uliwonse, mantha amamulembetsa 5 paliponse, ngati mmene anachitira mnzathu uja. Ikani miyeso imeneyi patsamba loyamba la asayimenti, kuti wochonga athe kutenga nambala yanu iliyonse n'kuiyesa yekha.

Tsopano tibwerere ku mvula. Mawu amodzi okha si chiopsezo. Chiopsezo cholembedwa bwino chimakhala ndi miyendo itatu: chimene chilipo kale, chimene chingachitike chifukwa cha chimenecho, ndi zotsatira zake pa ntchito. Tikayang'ana ndondomeko ya masabata 16 ija, tipeza kuti kukhoma denga kukugwa pa sabata ya 11, pakati pa Novembala, nthawi imene mvula yoyamba imakhala ili pakhomo m'madera ambiri a dziko lino, makamaka kummwera. Ndiye tilemba motere: "Popeza msewu wopita kusukulu ndi wafumbi ndipo umadutsa padambo, mvula ikayamba malata ndi matabwa asanafike, lole ikhoza kulephera kudutsa, zomwe zingachedwetse denga ndi ntchito zonse zam'kati ndi masabata atatu." Chiganizo n'chachitali, inde, koma taonani zimene chatichitira. Chationetsa kuti mdani weniweni si mvula yogwera pa amisiri, ndi matope a padambo paja. Chatipatsanso nambala ya kukula kwa vuto popanda kulota: masabata atatu pa muyeso wathu ndi 4.

Nanga mpata? Funso silakuti kodi mvula igwa chaka chino. Funso ndi lakuti kodi igwa yokwanira kutseka msewu katundu wa denga asanafike. Apa mufunse anthu a pamalopo. Amfumu, ahedi, kapena woyendetsa kabaza amene amadutsa padambopo tsiku ndi tsiku adzakuuzani zaka zimene msewu unatsekeka Novembala asanathe. Madzi saiwala khwawa, ndipo pamene anadutsa chaka chatha ndi pomwe adzadutsenso. Tinene kuti mwa zaka khumi, zisanu ndi chimodzi msewu umavuta nthawi imeneyo. Mpata ndi 4. Kuchulukitsa 4 ndi 4 kukutipatsa 16. Ngati asayimenti ndi ya m'kalasi chabe ndipo simungapite pamalopo, lembani poyera kuti nambala imeneyi mwaiyerekezera potengera nyengo ya dera limenelo. Kuyerekezera kovomereza kuli bwino kuposa nambala yongogwa kumwamba.

Chachiwiri ndi simenti, ndipo pa ichi ndikhalitsapo chifukwa ndicho chimaonetsa bwino momwe ndalama zimasandukira nambala. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga m'dziko muno amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndiye buloko ya sukulu imadya simenti yambiri: ya maziko, ya mabuloko, yomangira, ya pulasitala ndi ya pansi. Tiyerekeze kuti kawerengedwe kanu kakupatsani matumba 450 a makilogalamu 50, ndipo bajeti inalembedwa thumba lili pa K25,000. Simenti yonse ndi K11,250,000. Mtengo ukakwera ndi 20 peresenti musanagule, mudzafunika K2,250,000 yowonjezera. Ndalama imeneyi ili pakati pa K1,800,000 ndi K3,000,000, choncho kukula kwa vuto ndi 3. Pa mpata, kumbukirani kuti ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene ankamanga nthawi imeneyo amakumbukira momwe mitengo ya m'mahadiweya inasinthira m'masiku ochepa. Ngati asayimenti yanu ikukamba za nthawi yonga imeneyo, kuika 4 n'komveka. Mulingo ndi 12.

Wina akhoza kudabwa kuti simenti, imene aliyense amaidandaula, yatsika kuposa msewu wa padambo. Ndi mmene ziyenera kukhalira ngati miyeso yanu ndi yoona. Kaundula amakuthandizani kusiyanitsa chimene chimakambidwa kwambiri ndi chimene chingaimitse ntchito.

Palinso ziopsezo zina zingapo zoti tizidutse msanga. Makolo akhoza kuchedwa kututa mchenga ndi miyala, makamaka ikafika nthawi yopanga mizere ndi kudzala, pamene aliyense mtima uli kumunda. Mpata 4, kuchedwa kwa masabata awiri ndi 3, mulingo 12. Mjigo ukhoza kuchepa madzi mu Okutobala, ndipo ana ndi amayi a m'mudzi amatunganso pomwepo. Konkire amafuna kuthiriridwa madzi masiku osachepera asanu ndi awiri kuti akhwime bwino, ndipo akauma msanga padzuwa la Okutobala pansi pamang'ambika kapena kufumbutuka. Kugumula ndi kuthiranso kungadye K2,000,000. Mpata 3, vuto 3, mulingo 9. Pokumba maziko mukhoza kupeza dothi la makande, lija limatupa likanyowa n'kung'aluka likauma, lomwe limafuna maziko ozama ndi zitsulo zowonjezera, mwina za K4,500,000. Mpata 2, vuto 4, mulingo 8.

Kuchulukitsa kuli ndi pamene kumanama, ndipo ndikufuna muone pamenepo ndi maso anu. Tengani ziopsezo ziwiri izi. Choyamba: m'mudzi mukagwa maliro, aganyu ndi amisiri ena sadzabwera kuntchito tsiku limodzi kapena awiri. Pa masabata 16 zimenezi zidzachitika ndithu, mpata ndi 5, koma kuchedwa kwake sikufika masiku atatu, ndiye vuto ndi 1. Mulingo ndi 5. Chachiwiri: nthawi ya buleki mwana wa sitandade 1 akhoza kulowa pamalo omangapo n'kugwera m'dzenje la maziko, kapena kugweredwa ndi buloko kuchokera pa sikafodi. Mpata ndi wochepa, tinene 1, koma vuto ndi 5. Mulingo ndi 5. Patebulo ziwirizi zakhala mzere umodzi ngati mapasa. Palibe kholo, mphunzitsi kapena kontilakitala wanzeru amene angavomere kuti n'zofanana. Choyambacho mumangochiikira masiku awiri kapena atatu apadera mu ndondomeko n'kupitiriza. Chachiwiricho chimafuna mpanda wozungulira malo onse, khomo limodzi lokha, madzenje ovundikira kapena otchinga, katundu wotsitsidwa ana ali m'kalasi, ndiponso ahedi kulengeza pa asembule ntchito isanayambe.

Choncho onjezani lamulo limodzi pansi pa miyeso yanu: chiopsezo chilichonse chimene kukula kwake ndi 5 chizitengedwa ngati chofiira, kaya mulingo wake ndi wotani. Ineyo wophunzira akalemba lamulo limeneli ndimadziwa kuti wamvetsa chimene akuchita.

Palinso chinthu china chofunika kuchidziwa pa manambalawa. Iwo ndi masitepe chabe, si makilogalamu. Chiopsezo cha 16 sichitanthauza kuti n'choipa kawiri kuposa cha 8, ndipo kusiyana kwa 9 ndi 10 n'kochepa moti sikoyenera kukanganirana. Kuchulukitsa manambala a 1 mpaka 5 kumatulutsa mayankho 14 okha, ndipo 7, 11, 13 ndi 14 sangatuluke n'komwe. Mukaona 14 m'kaundula wa mnzanu, dziwani kuti penapake waphonya. N'chifukwa chake timaika milingo m'magulu atatu m'malo moiwerenga ngati malikisi a mayeso: 1 mpaka 4 n'chobiriwira, chongoyang'anira, 5 mpaka 12 n'chachikasu, chofuna munthu ndi dongosolo, 15 mpaka 25 n'chofiira, chofuna kuchitapo kanthu ntchito isanapitirire. Ngati aphunzitsi anakupatsani malire ena a magulu, tsatirani awo, bola mukhale nawo osasintha kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza.

Mukamalemba mu Excel, ikani kufotokoza kwa chiopsezo mu B, mpata mu C, kukula kwa vuto mu D. Mu E muike mulingo, mu F muike gulu:

```
=C2*D2
=IF(OR(E2>=15,D2=5),"Chofiira",IF(E2>=5,"Chachikasu","Chobiriwira"))
```

Mzere wachiwiriwo wasenza kale lamulo lija la 5, kotero mwana wa pa dzenje uja adzatuluka chofiira ngakhale mulingo wake ndi 5 yekha. Ubwino wolemba chonchi n'kuti mukasintha nambala imodzi, mulingo ndi gulu zimasintha zokha, ndipo mudzazisintha kangapo.

Kufika pano tangoyeza matenda, sitinapereke mankhwala. Kaundula wothera pa mulingo ndi theka la ntchito, ndipo m'maasayimenti ambiri malikisi ochuluka amakhala ku theka linalo. Pa chiopsezo chilichonse pali njira zinayi zoti musankhepo: kuchipewa posintha dongosolo, kuchichepetsa, kuchisenzetsa wina kudzera mu mgwirizano kapena inshuwalansi, kapena kuchivomereza n'kusunga ndalama ndi masiku oti chikabwera chikupezeni okonzeka. Maliro tawavomereza. Za makande tikhoza kukumba maenje oyesera atatu kapena anayi m'makona a nyumbayo sabata yoyamba, ozama kupitirira pamene maziko adzafike, kuti tidziwe dothi lisanatidzidzimutse. Maenje amenewo ndi ganyu wa tsiku limodzi, koma amasandutsa chinthu chokayikitsa kukhala chodziwika: mukapeza dothi labwino mzerewo mumautseka, mukapeza makande mumakonza maziko papepala simenti isanathiridwe.

Tiyeni titsate mzere wa msewu uja mpaka kumapeto, chifukwa uli ndi phunziro limene ambiri saliona. Chochita ndi ichi: malata, matabwa, misomali ya denga ndi simenti yotsala zifike pasukulu pasanafike pa 25 Okutobala. Mawu ngati "kuonetsetsa kuti katundu wafika msanga" musawalembe, chifukwa palibe angadziwe ngati zachitika kapena ayi. Lembani chinthu, tsiku ndi munthu. Munthuyo akhale mmodzi, wotchulidwa ndi udindo wake, amene ali ndi mphamvu yochitadi zimenezo. Pano ndi kontilakitala, popeza ndiye amagula katundu ndi kulipira lole. Mukalemba kuti "onse" kapena "gulu la polojekiti", tsikulo likafika aliyense adzaloza mnzake. Za mchenga mwini wake ndi wapampando wa komiti ya sukulu, za mpanda ndi folomani, za kulengeza kwa ana ndi ahedi.

Kenako lembani chizindikiro, chinthu chooneka chimene chidzakuuzani kuti chiopsezo chayandikira. Pa msewu, chizindikiro chikhoza kukhala chakuti pafika pa 15 Okutobala oda ya malata isanalipiridwe. Pa mjigo, chizindikiro ndi pamene kudzaza diramu limodzi kwayamba kutenga nthawi yowirikiza kawiri poyerekeza ndi sabata yoyamba, ndipo zikatero mumayamba kusunga madzi m'madiramu usiku kapena kupangana ndi mwini ngolo kuti azitunga kumtsinje. Chizindikiro chabwino n'chimene mlonda kapena wosakaniza matope angachione n'kukauza folomani.

Mukachita zonsezo, yezaninso. Katundu akafika mu Okutobala, mvula ikhoza kutsekabe msewu, koma denga silidzaima. Chotsala ndi zinthu zing'onozing'ono monga penti ndi magalasi, zomwe zikhoza kuwoloka pa njinga kapena pamutu. Mpata woti ntchito ichedwe chifukwa cha msewu watsika kufika pa 2, kuchedwa kwake mwina sabata imodzi, ndiye 2. Mulingo wachoka pa 16 kufika pa 4. Umenewu ndi mulingo wotsala, ndipo uyenera kukhala ndi mizati yakeyake m'tebulo pafupi ndi woyamba uja, kuti woona adziwe chimene dongosolo lanu lagula. Musautsitse mongofuna kuti tsamba libiriwire. Funsani kuti chochitacho chatsitsa mpata kapena chatsitsa kukula kwa vuto. Mpanda umatsitsa mpata woti mwana alowe, koma mwana akalowa n'kugwa, kuvulala kwake n'komweko, choncho 5 uja sachoka.

Ndiye pali ichi. Walira mvula walira matope. Pothawa msewu, mwaunjika malata ndi matumba ambirimbiri a simenti pasukulu ya kumudzi kwa milungu ingapo, ndipo mwabala ziopsezo ziwiri zatsopano zimene kunalibe. China ndi kuba. China ndi simenti kuuma m'matumba. Ndinaonapo ndi maso anga matumba atasanjidwa pansi penipeni m'kachipinda kosungiramo mabuku, atatsamira khoma lakunja. Mvula itagwa kawiri, chinyontho chinakwera, ndipo titatsegula matumba a pansi tinapeza zibuma zolimba zosaphwanyika ndi chala. Folomani anangogwira pakamwa n'kunena kuti, "Bwana, awa ndiye apita." Simenti imafuna kusanjidwa pa matabwa okwera kuchoka pansi, motalikirana ndi khoma, osapitirira matumba khumi kupita m'mwamba, yofunditsidwa pulasitiki, ndipo yoyamba kufika izikhala yoyamba kugwiritsidwa ntchito. Ngakhale itasungidwa bwino, ikapitirira miyezi itatu imayamba kuchepa mphamvu. Ziopsezo zobadwa ku mankhwala anu omwe zimalowanso m'kaundula ngati mizere yatsopano, ndi manambala awo ndi eni ake. Kuba tingakupatse mpata 3 ndi vuto 2, poyerekeza katundu wa K1,000,000, mulingo 6, ndipo chochita n'kulemba mlonda, kuika loko ndi kuwerenga katundu Lachisanu lililonse pamaso pa munthu wa komiti.

Aphunzitsi ena amafunsanso kuti ndalama zapadera zosungira mavuto zikhale zingati. Anthu ambiri amangoti 10 peresenti osafotokoza. Kaundula akhoza kukupatsani nambala yokhala ndi chifukwa. Tengani pakati pa muyeso wa mpata uliwonse: 4 ndi 60 peresenti, 3 ndi 40, 2 ndi 20. Chulukitsani ndi ndalama imene chiopsezocho chingadye. Simenti: 60 peresenti ya K2,250,000 ndi K1,350,000. Makande: 20 peresenti ya K4,500,000 ndi K900,000. Kuthiranso konkire: 40 peresenti ya K2,000,000 ndi K800,000. Kuba: 40 peresenti ya K1,000,000 ndi K400,000. Zonse pamodzi ndi K3,450,000, pafupifupi 6 peresenti ya bajeti. Koma nenani poyera malire ake. Makande akapezekadi sadzadya K900,000, adzadya K4,500,000 yonse, yoposa thumba lonselo. Kawerengedwe kameneka kamagwira bwino ziopsezo zikakhala zambiri ndi zazing'ono, pomwe zina zimachitika zina osachitika. Pa ntchito yaing'ono yokhala ndi chiopsezo chimodzi chachikulu, njira yabwino ndi ija ya maenje oyesera. Kawerengedweka kamaganizanso ngati kuti ziopsezo sizikokana, pomwe zoona zake n'zakuti kwacha ikagwa, simenti, malata, zitsulo ndi mtengo wa lole zimakwerera limodzi. Ndipo moyo wa mwana suikidwa m'masamu amenewa.

Cholakwa china chimene ndimachipeza kawirikawiri ndi kulemba zinthu zochitika kale ngati ziopsezo. Ngati asayimenti ikunena kuti pamalopo palibe magetsi, chimenecho si chiopsezo, ndi mmene zinthu zilili, ndipo mpata wake sungayezedwe. Chiopsezo ndi chimene chingabadwe pamenepo, monga jenereta yowotcherera mafelemu a mawindo kusowa mafuta. Chimodzimodzinso pakati pa ntchito: tsiku limene lole yatitimira padambo, mzere umenewo wasiya kukhala chiopsezo, wasanduka vuto lofuna kuthetsedwa lero, ndipo umasamukira ku buku la mavuto a tsiku ndi tsiku.

Za kuchuluka kwa mizere, pa zipinda ziwiri mizere 10 mpaka 15 yolembedwa mokwanira ndi yokwana. Mizere 40 ya mawu amodziamodzi palibe folomani angaiwerenge. Ndipo ngati oposa theka atuluka ofiira, bwererani ku miyeso, chifukwa mwina mwaiika yothina kwambiri kapena simukuitsata.

Pomaliza, ikani mzati wa tsiku loonanso, ndipo mu asayimenti muonetse kaundula yemweyo kawiri, wa sabata yoyamba ndi wa sabata ina pakati pa ntchito, kuti zioneke momwe amasinthira. Pa ntchito yathuyi, ndikanamuonanso Lolemba lililonse kwa mphindi makumi awiri ndi folomani ndi munthu wa komiti, titaimirira pamalo pomwepo. Pofika sabata ya 4 maziko atha, mzere wa makande watsekedwa. Pa sabata ya 8 simenti yonse yagulidwa, ndiye mzere wa mtengo wake watsekedwa, pomwe wa kuba ndi wa chinyontho akwera. Pa sabata ya 10 makoma afika pa lintala, amisiri akwera pa sikafodi, ndipo mzere watsopano wa kugwa kuchokera pamwamba, umene mu Seputembala unali kutali, tsopano ndiwo woyamba kukambidwa, pamodzi ndi funso loti ndani ayendere matabwa a sikafodi m'mawa uliwonse anthu asanakwere.